Mmene ndinasiyira kuyankha kuti "ndiyesetsa bwana"

Ine ndimagwira ntchito ku akaunti pa kakampani kena kogulitsa katundu wa mmaofesi ku Area 4, ndimakhala ku 25, ndiye tsiku lililonse ndi minibasi kupita minibasi kubwera. Ndikulemba izi chifukwa cha anzanga amene mumakhala ndi ntchito yodzadza kale kenako wina nkubwera kudzaima pa desiki panu ndi pepala mmanja kuti "tandipangireniko aka mwachangu", inu mumtima mukudziwa kuti sizitheka koma pakamwa nkutuluka mawu akuti chabwino. Ine ndinakhala choncho zaka, ndipo mawu anga okondedwa anali akuti "ndiyesetsa bwana".

Mawu amenewa ndi oopsa kwambiri ndipo ndinazindikira mochedwa. Iwe ukamati ndiyesetsa umakhala ukutanthauza kuti zinthu zandithina, mwina sindikwanitsa, mundimvetse. Koma amene wakupatsa ntchitoyo samva zimenezo, iye amamva kuti eya, amachoka pamenepo nkukauza wina kuti zakonzeka Lachitatu, winayo nkukalonjeza kasitomala. Pofika Lachitatulo anthu atatu akudikira chinthu chimene iwe sunachiyambe nkomwe.

Amene mumagwira za akaunti mukudziwa mmene mwezi umayendera. Msonkho wa pa malipiro a antchito, wa PAYE, komanso msonkho uja timadula pa malipiro a masapulaya, wa WHT, ziyenera kukhala zitapita ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. VAT ndi pa 25. Ndalama za penshoni nazonso zimayenera kutumizidwa mkati mwa masiku 14 mwezi ukatha. Masalale kumapeto kwa mwezi. Madeti amenewa sasuntha chifukwa choti iwe unatanganidwa, sungaimbe foni nkupempha kuti andidikireko mpaka Lolemba. Ndiye pali mwezi wina, sabata ya pa 14 yomweyo, ndinalandira ntchito zitatu zoonjezera kuchokera kwa anthu atatu osiyana. Abwana aakulu amafuna ndiwapangire chidule cha amene ali ndi ngongole zathu, a ku malonda amafuna mitengo ya kasitomala wina, ndipo ma odita amafuna mafayilo a chaka chatha. Aliyense ndinamuyankha chimodzimodzi. PAYE ndinaikankhira ku tsiku lomaliza poganiza kuti imeneyo ndimaidziwa ndiipanga mmawa umodzi. Tsiku lomalizalo magetsi anathima mmawa, jenereta ya pa ofesi inalibe mafuta, atayaka masana ndinapeza kuti manambala a anthu awiri amene anayamba ntchito pakati pa mwezi sakugwirizana ndi za pa peyirolo, pomwe ndimamaliza kukonza nkuti amene amasaina malipiro ataweruka kale. Tinalipira mochedwa ndipo kampani inalipitsidwa chindapusa.

Chimene chinandipweteka si chindapusacho ayi. Abwana anga a ku akaunti atandiitana sanakalipe, anangondifunsa kuti, "Nanga bwanji simunanene kuti zakuchulukirani? Chidule cha ngongole chija chikanatha kudikira sabata yamawa, palibe amene akanafa." Ndinasowa choyankha. Ndinali nditagona mochedwa masiku anayi, tsiku lina ndinafika ku Depoti mdima utagwa kale maminibasi a ku 25 atayamba kusowa, mwana ndimamupeza atagona, zonsezo kuvutikira ntchito imene abwana anga akuti ikanatha kudikira. Ndipo amanena zoona. Iwo samadziwa zimene zinali pa desiki panga chifukwa aliyense amangoona kantchito kake kokha, amene amaona mulu wonse ndinali ine ndekha, ndipo ineyo ndinakhala chete.

Panali amayi ena achikulire amene anali kashiya wathu nthawi imeneyo, pano anapuma. Pa lanchi tsiku lotsatira anandiuza kuti, "Mwana wanga, mapanga awiri avumbwitsa. Iwe ukuopa kuoneka wamwano, koma ukavomera zonse ndiye kuti wasankha wekha chimene chigwe pansi, ndipo ukusankha usiku uli wotopa. Apatse eni ake asankhe kukadali kowala." Mawu amenewo ndi amene anandisintha, chifukwa ine ndinkaganiza kuti pali njira ziwiri zokha, kuvomera kapena kukana, ndipo kukana wamkulu kwathu kuno tonse tikudziwa mmene kumaonekera. Sindinkadziwa kuti ungathe kungomuonetsa munthu zimene wanyamula nkumufunsa kuti nditule chiti.

Koma kuti umuonetse munthu uyenera kudziwa kaye iwe mwini kuti wanyamula zochuluka bwanji, ndipo apa ndi pamene ambiri timalephera. Kungoti "ndili bize" sikuthandiza, aliyense mu ofesi ali bize, ngakhale mlonda akuuzani kuti ali bize. Ine ndinatenga kakope ka ana asukulu, masabata awiri ndimalemba chilichonse chimene ndachita ndi nthawi imene chanditengera. Ndinadabwa. Pa maola 8 amene ndimakhala pa ntchito, amene ndimagwiradi ntchito yokhala pansi nkuganiza anali pafupifupi 5 basi. Atatu enawo amapita ku mafoni a masapulaya ofunsa za cheke chawo, madalaivala obwera ndi malisiti a mafuta, kupita ku banki, miting'i, kusaka fayilo imene wina anatenga osabweza. Zimenezo nazonso ndi ntchito, sizingachoke, koma ine ndikamalonjeza ndinkawerengera ngati ndili ndi maola 40 pa sabata pomwe ndinali ndi 25. Ndiye musatengere nambala yangayi, yanu ikhoza kukhala 6 kapena 4, koma iyezeni, osangoganizira.

Chachiwiri chimene kakope kaja kanandionetsa nchoti ntchito iliyonse imatenga nthawi yoposa imene mwini wake amanena. Sikuti amanama dala, kungoti iye amaona pepala lomaliza lija, saona kuti kuti nambala imodzi ifike pamenepo waimba mafoni angati.

Tsopano ndikuuzeni mmene zinayendera ulendo woyamba umene ndinayesa zimenezi, chifukwa ndi pamene mungaone bwino. Linali Lolemba pa 10, ndiye kuti pa 14 linali Lachisanu. Mu kakope ndinali nditalemba kale za sabata imeneyo. PAYE ndi WHT, kuyambira kufananiza manambala mpaka kutumiza pa Msonkho Online ndi kukonza malipiro, maola 9. Penshoni maola 3. Kufananiza mabuku athu ndi sitetimenti ya ku banki, kuti lipoti la mwezi lituluke, maola 6. Malipiro a masapulaya a Lachinayi maola 5. Zonse pamodzi 23, pa maola 25 amene ndinali nawo. Otsala awiri okha.

Cha m'ma 9 akubwera abwana a ku malonda, munthu wabwinobwino ndithu koma wothamanga, atanyamula chikalata cha tenda ya ku boma. Akuti, "Achemwali, kantchito kakang'ono aka, mungoika mitengo ndi kusonkhanitsa masatifiketi, maola awiri mwamaliza. Ndikufuna Lachitatu." Mtima unagunda, ndipo mawu aja anali atafika kale pa lilime. Koma ndinati, "Bwana, ndisiyireni ndichione kaye, ndikuyankhani isanakwane 11." Basi. Sanakwiye, anangoti chabwino nkutuluka. Chimenechi ndi chinthu choyamba chimene ndingamuuze aliyense, musayankhe munthu ataima pamutu panu. Pemphani kanthawi, koma tchulani ola lenileni limene muyankhe ndipo mulisunge, chifukwa mukangoti "ndiona" osatchula nthawi ndiye kuti mwabwerera ku ndiyesetsa yemwe uja.

Nditatsegula chikalatacho ndinapeza kuti muli zinthu zoposa 100 zofunika mitengo, ndipo pafupifupi theka sitinali nazo mu sitolo, zimafunika kufunsa kaye kwa masapulaya. Kufunsa mitengoko ndinawerengera maola 4, kuika mu Excel nkuonjezera phindu lathu ndi VAT nkuonanso kachiwiri maola ena 4, kusonkhanitsa satifiketi ya msonkho, ya PPDA bungwe loyang'anira zogula za boma, ya kulembetsa kampani ndi kudzaza mafomu maola 2. Maola 10, osati awiri. Ndiye 23 kuphatikiza 10 ndi 33, ine ndili ndi 25. Ikuperewera 8, ndipo ngakhale nditapemphera bwanji maola 8 amenewo sakanachokera kumwamba.

Koma chachikulu ndinachiona pa tsamba loyamba. Tenda imatsekedwa Lachinayi la sabata yotsatira, pa 20, nthawi ya 10 mmawa. Osati Lachitatu pa 12. Ndiye ndinapita ku ofesi kwawo nkufunsa mwaulemu kuti, "Bwana, ndaona kuti ikutsekedwa pa 20, kodi Lachitatuli pali chimene chikuchitika?" Anandiuza kuti abwana aakulu akunyamuka Lachinayi mmawa kupita ku Blantyre, abwera Lachiwiri pa 18 madzulo, ndiye amafuna asaine asanapite kuti mtima ukhale mmalo. Mwaona? Deti la Lachitatu silinali la tenda, linali la mtendere wa mumtima wa munthu mmodzi. Sindikunyoza ayi, maganizo awo anali abwino, tenda ukaichedwetsa ndi mphindi imodzi sailandira. Koma pali deti limene likaphonyedwa pamakhala chindapusa kapena chitseko chimatsekedwa, ndiye pali deti limene munthu wangolisankha kuti zimuyendere bwino. Loyambalo sulikhudza. Lachiwirilo ndi limene mumakambirana. Ndipo sungadziwe kuti ili ndi liti ngati sunafunse kuti chikuchitika nchiyani tsiku limenelo.

Funso lomwelo linandipulumutsanso kwina kumene sindimayembekezera. Kwathu malipiro akuluakulu ngati a msonkho amasaina ndi abwana aakulu omwewo, pa pepala. Ndiye ngati akuchoka Lachinayi mmawa, PAYE yanga ndi penshoni sizinalinso za Lachisanu, zinali za Lachitatu madzulo. Palibe anali atandiuza za ulendowo. Lolemba mpaka Lachitatu ndi maola 15, msonkho ndi penshoni zikudya 12, otsala atatu. Ndikanangoti ndiyesetsa nkuyamba ndi tenda, ndikanagweranso mdzenje lomwe lija la chindapusa.

Apa ndiye panafunika kulankhula. Sindinapite kukakangana ndi abwana a ku malonda, chifukwa iwo si amene amandiyang'anira, ndipo si bwino kuti iwe wamng'ono uzigamula pakati pa mabwana awiri kuti ntchito ya uyu ndi yofunika kuposa ya uyu. Imeneyo ndi ntchito ya amene amakuyang'anira. Ndinalemba imelo yaifupi kwa onse awiri, abwana anga a ku akaunti ndi a ku malonda, ndipo ndinaisunga mpaka pano chifukwa ndimaigwiritsabe ntchito ngati chitsanzo. Inali yotere:

"Mabwana, ndaiona tenda ija. Ikufunika maola pafupifupi 10 chifukwa zinthu zambiri tiyenera kufunsa mitengo kaye. Sabata ino PAYE, WHT ndi penshoni ziyenera kusainidwa pofika Lachitatu abwana aakulu asananyamuke, ndiye sindingathe kumaliza tenda yonse Lachitatu. Zimene ndingathe ndi izi. Lachitatu ndikupatsani masatifiketi onse ndi mafomu odzaza kale. Mitengo ndimaliza Lachiwiri pa 18 masana, abwana asaine Lachitatu pa 19, tikapereke tsiku lomwelo, kutatsala tsiku limodzi. Ngati mukufuna mitengo ithe sabata inoyi, ndingathe kumaliza Lachisanu, koma ndiye kuti lipoti la mwezi lipita ku Lachiwiri ndipo Lachinayi ndilipira masapulaya okhawo amene masiku awo akwana. Mundiuze njira imene mwasankha lero lisanathe kuti ndiyambe."

Taonani kuti mu uthengawu mawu oti sindingathe alimo kamodzi kokha, ndipo akunena za chinthu chimodzi, tenda yonse pofika Lachitatu. Sindinayambe ndi kudandaula kuti ndatopa kapena kuti aliyense amangonditaira ntchito, olo zinali zoona. Ukayamba ndi madandaulo nkhani imasanduka ya khalidwe lako, anthu amayamba kukambirana ngati ndiwe waulesi kapena ayi, tenda nkuiwalika. Sindinapepesenso kambirimbiri. Kale ndinkayamba ndi pepani, pakati pepani, kumapeto pepani, ndiye munthu amaona kuti ukudziona wolakwa, akangokankha pang'ono ugonja. Ndipo njira iliyonse ndinaiika ndi mtengo wake, kuti mukasankha iyi chigwe ndi ichi. Pamenepo ndi pamene pali mphamvu yonse, chifukwa bwana akaona kuti kufulumizitsa tenda kukutanthauza kuchedwetsa lipoti limene iye mwini akukalipereka, amaganiza kawiri.

Nditatumiza ndinanyamuka nkupita kukawauza pamaso abwana anga kuti ndatumiza imelo, mwina muione. Izi musaziphonye. Kwathu kuno kalata yokha yopanda nkhope imaoneka ngati ukumanga mlandu, makamaka kwa akuluakulu. Pakamwa pamafewetsa, cholembedwa chimasunga. Zimafunika zonse. Ngati kwanu simugwiritsa ntchito imelo, uthenga wa pa WhatsApp ukukwana, bola pakhale penapake polembedwa deti limene mwagwirizana.

Abwana anga anawerenga ine ndili pomwepo, anaimbira a ku malonda, sizinathe mphindi zisanu. Anasankha njira yoyamba, ndipo a ku malonda anaonjezera okha kuti mnyamata wina wa mu dipatimenti yawo ndi amene aimbe mafoni kufunsa mitengo popeza masapulaya amawadziwa kale. Ndiye maola 4 aja anachoka pamutu panga osapempha nkomwe. Msonkho unasainidwa Lachitatu cha m'ma 3, tenda tinakapereka pa 19. Sindikuuzani kuti a ku malonda anasangalala, nkhope inagwa ndithu tsiku limenelo ndipo mawa lake moni unali wozizira. Koma sabata yotsatira anabweranso ndi ntchito ina, ndipo ulendo uno anayamba ndi kufunsa kuti, "Achemwali, sabata ino muli bwanji, mungaikwanitse liti?"

Sikuti nthawi zonse zimatha bwino chonchi. Pali tsiku lina abwana aakulu anandipatsa ntchito, ine nkufotokoza bwinobwino zimene ndili nazo, iwo nkungoti, "Zonsezo nzofunika, pangani zonse." Pamenepo sungalimbane nawo. Chimene ndinachita nkufunsa kuti, "Chabwino bwana, ndiyambe ndi iti, ndimalize ndi iti?" Munthu akhoza kukana kuchotsa ntchito koma kawirikawiri sakana kukuuza yoyambira. Akakuuza, yomalizayo ndi imene yavomerezedwa kuchedwa, olo asanene. Kenako ndinalemba kauthenga kuti monga mwanenera ndiyamba ndi iyi, kenako iyi, yachitatuyi mmene ndikuonera ifika Lolemba. Sanayankhe, koma Lolembalo sanandifunsenso kuti bwanji yachedwa.

Ndipo pali nthawi zina zimene umayenera kungovomera nkugwira mpaka usiku. Mnzako wagonekedwa mchipatala, kwagwa maliro ndipo theka la ofesi lapita kumudzi, kasitomala wamkulu wasintha zinthu mwadzidzidzi. Zimenezo zimachitika ndipo ine ndimagwira ndi mtima wonse, chifukwa tsiku lina adzandigwirira ndi iwowo. Vuto ndi pamene zadzidzidzi zikubwera sabata iliyonse kuchokera kwa munthu yemweyemweyo. Mukaona choncho dziwani kuti si ngozi ayi, munthuyo amasunga ntchito mu diloo mpaka itapsa chifukwa akudziwa kuti pali wina amene amazimitsa moto. Ine ndinachita kumupempha mmodzi kuti tizikumana Lolemba lililonse mmawa mphindi khumi andiuze zimene zikubwera, zinachepa kwambiri. Komanso kumbukirani kuti lamulo la ntchito mdziko muno limaika maola 48 pa sabata ngati malire a nthawi ya ntchito ya masiku onse, ndiye ngati yankho la bwana nthawi zonse ndi loti mubwere Loweruka, mubwere Lamulungu mukatuluka ku tchalitchi, si mwano kufunsa ngati imeneyo ndi ovataimu kapena mudzapatsidwa tsiku lopuma. Funsani musanagwire, chifukwa mukafunsa mutagwira kale zimavuta.

Kwa amene mwangoyamba kumene ntchito, mudakali pa miyezi yoyesedwa, ndikudziwa kuti izi zikumveka zoopsa. Simukuyenera kuyamba ndi maimelo a njira ziwiri ayi. Yambani ndi kafunso kamodzi kokha, "Bwana, panopa ndikupanga chakuti chimene munati chithe mawa, ndichisiye kaye ndiyambe ichi?" Palibe bwana wanzeru amene angakuone wamwano pa funso limenelo, ukumupatsa ulemu woti iye ndi amene amalamula.

Nanga ngati wavomera kale, kenako nkuzindikira kuti sizitheka? Izi zimandichitikirabe, chifukwa nthawi zina ntchito umaidziwa kukula kwake utailowa. Apa nkhani ndi nthawi imene wanenera. Ine ndinadziikira lamulo loti ndikafika pakati pa nthawi imene ndinapatsidwa, ndimaima nkuona ngati ntchitonso yafika pakati. Ngati ndinapatsidwa masiku anayi, madzulo a tsiku lachiwiri ndili pa kota, ndiye kuti sindimaliza, ndipo ndimanena tsiku lomwelo. Ukanena kutatsala masiku awiri munthu amatha kusintha mapulani ake, kuuza kasitomala, kukupatsa wokuthandiza. Ukanena mmawa wa tsiku lomwelo wamumanga manja, ndipo ngakhale chifukwa chako chikhale chomveka bwanji iye chimene adzakumbukire nchoti unamuchititsa manyazi. Ndikamanena ndimatchula zitatu, pamene ndafika, chimene chandichedwetsa, ndi deti latsopano. Ndipo deti latsopanolo ndimaliikira mpata, ngati ndikuona kuti ndimaliza Lachiwiri masana ndimanena Lachitatu mmawa, chifukwa magetsi ndi netiweki sizipangana ndi munthu. Kusuntha deti kamodzi anthu amamvetsa. Kusuntha kachiwiri pa ntchito yomweyo amasiya kukhulupirira deti lililonse lochokera pakamwa pako, ndipo zikatero ngakhale tsiku limene ukunena zoona kuti zakuchulukira sakumveranso.

Chimene chimandivutabe mpaka lero si mabwana ayi, ndi anzanga. Bwana umatha kumuonetsa manambala. Koma mnzako amene mumadyera limodzi chipisi pa lanchi akabwera kuti "amwali tandionereko fomula iyi yakana, ndi 5 minitsi yokha", umayankha bwanji? Pang'onopang'ono ndi mtolo, ma 5 minitsi amenewo mu kakope kanga anakwana pafupifupi ola lathunthu tsiku lina, ndipo choipa nchoti ukabwerera ku manambala ako umayambiranso kufufuza pamene unalekezera. Panopa sabata ya pa 14 ndi masiku oyandikira pa 25 ndimawauziratu kuti mmawa mpaka 12 ndisasokonezedwe, zofunsa zonse zibwere 2 koloko. Ndikamuuza munthu kuti "panopa ayi, bwerani 2 koloko ndikuthandizani bwinobwino", ndimaonetsetsa kuti 2 kolokoyo ndamuthandizadi, ngati sanabwere ndimamutsatira ndekha. Ambiri pofika nthawiyo amakhala atazipeza kale okha. Mmodzi yekha ndi amene anandinena kuti ndayamba kudzimva, zinandiwawa masiku angapo, sindinama.

Ngakhale kunja kwa ofesi ndi zomwezo. Chaka chatha anandisankha kukhala msungichuma wa komiti ya ukwati wa mwana wa achimwene a bambo a kunyumba, miting'i yake Loweruka lililonse ku Kawale, nthawi yomweyo ma odita ali pa ofesi. Kukana kwa apongozi ndi nkhani ina, aliyense akudziwa. Ndinawauza kuti, "Amayi, usungichuma sindingaukwanitse bwino miyezi imeneyi ndipo ndalama za anthu sizifuna munthu wogawanika, koma bajeti yonse ndikupangirani ine sabata ino, ndipo tsiku la ukwati ndikhala pa tebulo la perekaniperekani kuwerenga ndalama." Anakhala chete kanthawi, kenako anati chabwino, bola bajetiyo ifike Lachisanu. Inafika Lachinayi.

Kakope kaja ndikadali nako, kachitatu tsopano. Lolemba lililonse ndisanatsegule kompyuta ndimalemba ntchito za sabatayo, maola ake pambali, ndipo zimene deti lake silisuntha ndimazizunguliza ndi cholembera chofiira. Pansi ndimalemba maola otsala. Sabata ino palembedwa 3, ndipo dzulo masana kwabwera kale pempho la ma odita lofuna mafayilo a masapulaya a miyezi isanu ndi umodzi, ndawauza kuti ndiwayankha lero isanakwane 10.